Nsima ya Dzulo Ikadali M'chifu: Zoyenera Kufufuza ndi Kuchita kwa Odwala Matenda a Shuga

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri kuno ku Chipata ndi m'maboma oyandikana nawo. Munthu amakhuta atangotema nsima kawiri kapena katatu, mimba imalemera tsiku lonse, nthawi zina amasanza m'mawa ndiwo zimene anadya usiku, ndipo manambala a pa kamakina koyezera shuga amakwera ndi kutsika mosagwirizana ndi zimene wadya. Ambiri amangomva kuti ndi zilonda za m'mimba, amagula mankhwala a chilungulira, ndipo miyezi imatha vuto lili pomwepo.

Nthawi zina gwero lake ndi vuto limene madokotala amalitcha gasitiroparesisi, ndiko kuchedwa kwa chifu kukankhira chakudya m'matumbo pamene palibe chimene chatseka njira. Chifu chabwino chimafinya chakudya pafupifupi katatu pa mphindi iliyonse, n'kumachipera mpaka tizidutswa tifike pa mamilimita awiri kapena kucheperapo, ndipo pakatha maola anayi pafupifupi chonse chimakhala chapita m'matumbo. Ntchito imeneyi imayendetsedwa ndi mtsempha wa vegasi, wochokera ku ubongo, pamodzi ndi timaselo ta m'khoma la chifu timene timapereka nthawi ya kufinyako. Shuga wokwera kwa zaka zambiri, kawirikawiri khumi kapena kuposerapo, amawononga zonsezi monga mmene amawonongera mitsempha ya kumapazi. N'chifukwa chake vutoli limakonda kupezeka mwa munthu amene ali kale ndi dzanzi kapena kutentha kwa mapazi, chizungulire poimirira, kapena vuto la maso ndi impso.

Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zalembedwa kuyambira zofala kwambiri mpaka zosowa.

## Pitani kuchipatala lero lomwe ngati pali chimodzi mwa izi

- Mukusanza chilichonse, ngakhale madzi, kwa maola oposa anayi, makamaka ngati mumabaya insulini.
- Masanzi ali ndi magazi kapena akuoneka ngati nsenga za khofi wakuda, kapena chimbudzi chada bii ngati phula.
- Mimba ikupweteka kwambiri, yauma gwa kapena yatupa, ndipo simukutulutsa mpweya kapena chimbudzi.
- Shuga ali pamwamba pa 15 mmol/L ndipo mukusanza, mukupuma mozama ndi mofulumira, kapena mukuwodzera mosadziwika bwino.
- Shuga watsika pansi pa 3.9 mmol/L ndipo sakukwera mutamwa madzi a shuga kawiri.
- Mseru wabwera pamodzi ndi thukuta, kubanika kapena kulemera kwa pachifuwa, chifukwa mwa odwala shuga matenda a mtima amatha kubwera popanda ululu weniweni.

## Chizindikiro choyamba: kukhuta msanga ndi mimba yolemera maola ambiri

1. Kukula ndi mtundu wa chakudya. Mafuta amachedwetsa chifu ngakhale mwa munthu wathanzi, ndipo zakudya zaulusi ndi zamakoko zimavuta kupera. Mbale ya masana ya mitanda itatu ya nsima ya mgaiwa, nyemba, lepu wodula mokulira ndi nyama yokazinga imaphatikiza zonse zitatu: kuchuluka, mafuta ndi ulusi. Kuti mudziwe ngati vuto lili pamenepa, lembani kwa sabata imodzi chimene mwadya ndi nthawi imene mimba inapepuka. Mukaona kuti phala limadutsa bwino koma nsima ndi ndiwo zokazinga zimakhala mpaka madzulo, mwapeza poyambira.

2. Shuga wokwera pa tsikulo. Ichi ambiri sachidziwa. Shuga akakwera m'magazi, makamaka akapitirira 10 kapena 11 mmol/L, chifu chimachepetsa liwiro pa nthawi yomweyo, ngakhale mitsempha isanawonongeke. Yezani musanadye pa masiku amene mimba ikuvuta ndiponso pa masiku amene ili bwino, kenako muyerekeze. Kuchedwa kwa mtundu umenewu kumachepa shuga akatsika.

3. Mankhwala. Onani chizindikiro chachinayi.

4. Zilonda za m'mimba, chilungulira kapena kudzimbidwa. Ululu wotentha pansi pa chifuwa umene umasintha mukadya, makamaka mwa munthu womwa aspirini, bulufeni kapena dayikilofenaki pafupipafupi, umaloza ku zilonda. Kukhala masiku atatu osapita kuchimbudzi nakonso kumakhutitsa msanga.

5. Gasitiroparesisi yeniyeni. Dzina limeneli limaperekedwa zoyambitsa zinazo zitafufuzidwa n'kupezeka kuti palibe.

6. Chotchinga pakhomo lotulukira m'chifu, monga chipsera cha chilonda chakale kapena khansa. N'zosowa, koma ndicho chifukwa chake munthu wa zaka zoposa 50 amene wayamba kukhuta msanga ndi kuonda ayenera kuunikidwa m'chifu ndi kachubu ka kamera asanalandire dzina lina lililonse la matenda.

Chochita pa kadyedwe. Apa ndikufuna kuima pang'ono, chifukwa malangizo ake amasemphana ndi zimene wodwala shuga wakhala akuphunzitsidwa kukiliniki. Kwa zaka zonsezi mwauzidwa kuti muzidya mgaiwa, nyemba, masamba ambiri ndi zipatso zosasenda, ndipo malangizowo ndi olondola kwa munthu amene chifu chake chikuyenda bwino. Chifu chikafooka, zakudya zomwezo zimakhala mtolo, ndipo ulusi wa malalanje, mango, nzimbe kapena mapesi a lepu ukhoza kuunjikana n'kupanga chibuma cholimba m'chifu chimene chimafunika kuchotsedwa kuchipatala. Sikuti muleke masamba, koma muwagwirire ntchito imene chifu chikulephera:

- Gawani chakudya cha tsiku m'zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Musawonjezere chakudya, ingogawani chomwecho.
- Nsima ikhale mtanda umodzi waung'ono, yofewa, ya ufa wosefa bwino. Pa masiku ovuta, idyani phala.
- Chiwawa ndi masamba ena muchotse ulusi ndi mapesi, mudule bwinobwino, muphike mpaka zife, ndipo ngati n'kotheka muzisinje kapena kuzipota. Maungu, mbatata yosenda ndi kaloti zophika n'kuphwanya zimadutsa bwino, ngakhale kuti maungu ndi mbatata ziyenera kuwerengedwa ngati zolowa m'malo mwa nsima.
- Nyemba muchotse makoko n'kuzipota ngati chipere, ndipo muyambe ndi zochepa.
- Mazira owiritsa, nsomba yowiritsa, kapenta wosinja, ndi nkhuku yopanda khungu yophika mpaka kufewa zikhale ndiwo zanu zankhuli. Vitumbuwa, tchipisi, soseji, nyama yowotcha, chimanga chowotcha ndi mtedza wokazinga muzipewe.
- Nsinjiro ili ndi mafuta ambiri, choncho ndiwo zotendera kwambiri zimalemera. Supuni imodzi m'phala ambiri amaipirira, chifukwa mafuta a m'chakudya chamadzimadzi savuta ngati a m'chakudya cholimba.
- Tafunani mpaka chakudya chisungunuke mkamwa. Nsima ambiri timaimeza osatafuna, ndipo chizolowezi chimenechi chiyenera kusintha. Ngati mano akuvuta, kaonetseni kwa dokotala wa mano.
- Mukadya khalani tsonga kapena yendani pang'onopang'ono, ndipo musagone mpaka patapita maola awiri. Chakudya chachikulu chikhale cha m'mawa kapena masana, osati cha usiku.
- Zakumwa za gasi, mowa ndi fodya zimawonjezera vutoli.

Chenjezo limodzi pa zamadzimadzi: mahewu ogula, thobwa wothira shuga ndi timadziti ta zipatso zimadutsa m'chifu mosavuta, koma zimakweza shuga mofulumira. Sizakudya za tsiku ndi tsiku za wodwala shuga.

## Chizindikiro chachiwiri: mseru ndi kusanza chakudya chimene munadya kale

Funso lofunika kwambiri pano ndi lakuti mwasanza chiyani, ndipo munachidya liti. Kusanza mukangomaliza kudya kumachitika pa matenda ambiri, koma kusanza masamba kapena nyemba zooneka bwinobwino patapita maola asanu ndi limodzi kapena usiku wonse kumasonyeza kuti chakudya sichikuchoka m'chifu.

1. Mankhwala a shuga amene amadzetsa mseru. Metifomini amachita zimenezi makamaka mukangomuyamba, mlingo ukakwezedwa, kapena mukamwa mimba ili yopanda kanthu. Iye sawononga mitsempha ya chifu. Imwani pakati pa chakudya, ndipo ngati mseru sukutha funsani za kuchepetsa mlingo.

2. Matenda ena a nthawi yochepa, monga malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena chakudya chowonongeka. Ngati pali kutentha thupi, kayezetseni malungo. Mayi wa msinkhu wobereka ayezetse mimba asanamwe mankhwala alionse oletsa kusanza.

3. Gasitiroparesisi, makamaka ngati zatenga miyezi, zimabwera n'kupita, ndipo zimakula pa masiku amene shuga ali pamwamba.

4. Impso zofooka. Mseru wa m'mawa, kusowa chilakolako cha chakudya, kutupa mapazi ndi kuyabwa thupi mwa wodwala shuga wakale zimafuna kuyezetsa magazi a impso.

5. Asidi wa makitoni m'magazi, amene amabwera insulini ikasowa m'thupi, kapena njira yotsekeka. Izi n'zangozi, ndipo zizindikiro zake zili pa mndandanda wa pamwamba uja.

Chochita pa tsiku losanza. Siyani zolimba, imwani madzi kapena thanzi ORS pang'onopang'ono, masupuni angapo pa mphindi zochepa zilizonse, kenako msuzi ndi phala lamadzimadzi. Yezani shuga pa maola awiri kapena anayi alionse. Amene amadalira insulini asasiyiretu kubaya chifukwa chakuti sakudya, pakuti thupi limafuna insulini ngakhale mimba ili yopanda kanthu. Mlingo ukhoza kufunika kusintha, ndipo zimenezo mufunse kuchipatala tsiku lomwelo. Metifomini amayenera kuimitsidwa kaye pamene munthu akusanza mpaka kutha madzi m'thupi, ndipo mankhwala a shuga a gilibenkilamaidi akhoza kugwetsa shuga kwa maola ambiri mwa munthu amene sakudya.

Kuyezetsa. Kukiliniki pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, monga cha Chipata Central, kumene dokotala angaone ngati mukufunika kuunikidwa ndi kamera. Chakudya chikapezeka m'chifu munthu atakhala usiku wonse osadya, ndipo njira ili yotseguka, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu. Kuyeza kotsimikizira kumachitika podyetsa munthu mazira okhala ndi mankhwala ooneka pa makina, n'kumajambula kwa maola anayi: chakudya choposa 10 peresenti chikatsala pa ola lachinayi, chifu chachedwa. Kuyeza kumeneku kumafuna makina apadera a m'zipatala zikuluzikulu, choncho madokotala ambiri amadalira mbiri ya wodwala, kamera ndi kabuku ka manambala a shuga.

## Chizindikiro chachitatu: shuga amatsika mukangodya, n'kudzakwera patapita maola

Ichi ndicho chizindikiro choopsa kwambiri, ndiponso chimene chimasocheretsa anthu ambiri. Chakudya sichikweza shuga chili m'chifu. Chimakweza chikafika m'matumbo. Insulini yofulumira yoyera ngati madzi, pamodzi ndi gawo lofulumira la insulini yosakaniza ya 30/70 imene ambiri amabaya m'mawa ndi madzulo, imayamba kugwira ntchito patapita mphindi pafupifupi 30 ndipo imafika pachimake pakati pa maola awiri ndi anayi. Insuliniyo imasunga nthawi yake, pamene chifu chofooka sichisunga. Zotsatira zake n'zakuti insulini imafika chakudya chisanafike, ndipo chakudya chimafika insulini itapita.

Tiyerekeze bambo wa zaka 56 wa ku Kapata, amene wakhala ndi shuga zaka 14 ndipo amabaya insulini yosakaniza kawiri pa tsiku. Mapazi amamutentha usiku, choncho amamwa amitiriputilini, ndipo msana ukavuta amagula tiramadolo. Kwa milungu ingapo shuga wake wa m'mawa wakhala pakati pa 14 ndi 17 mmol/L. Poona zimenezo iye wawonjezera yekha mayunitsi anayi pa jakisoni wa madzulo, koma m'mawa manambala sanatsike, ndipo mkazi wake waona kuti usiku amatuluka thukuta n'kumalankhula zosamveka. Atapemphedwa kuyeza kangapo usiku umodzi, kabuku kake kanaonetsa izi:

- 18:30, asanabaye ndi kudya: 8.4
- 19:00, anadya mitanda iwiri ya nsima, chiwawa chotendera ndi nsomba yokazinga
- 20:45, akunjenjemera: 3.5, ndipo anadya buledi wopaka majarini
- 21:15, sanapezebe bwino: 3.7, ndipo anamwa botolo lonse la chakumwa chotsekemera
- 02:00: 13.8
- 06:00: 16.2, ali ndi mseru ndipo akugeya fungo la nsomba ya dzulo

Manambala amenewa akufotokoza nkhani yonse. Shuga wa m'mawa sanakwere chifukwa chakuti insulini ya madzulo inachepa, koma chifukwa nsima ndi buledi zinalowa m'magazi pakati pa usiku, kuwonjezera pa shuga wa chakumwa chija, gawo lofulumira la insulini litatha kale. Mayunitsi anayi owonjezerawo anangokulitsa ngozi ya m'ma 21:00. Buledi sanathandize chifukwa anakafola pamzere kumbuyo kwa nsima. Ndipo shuga wa 16 wa m'mawawo akuchedwetsanso chifu pa tsiku latsopano, kotero kuti vutoli likudzidyetsa lokha.

Kwa munthu wotere dokotala angabweze mlingo wa madzulo pamene unali, angasinthe nthawi yobayira kuti iyandikire chakudya kapena ibwere pambuyo pake, kapena angalekanitse insulini yochedwa ndi yofulumira kuti yofulumirayo igawidwe kawiri. Angachotsenso tiramadolo ndi kuunikanso amitiriputilini, pakuti onse awiri amachedwetsa chifu. Kunyumba, chakudya cha usiku chingagawidwe pawiri, mtanda umodzi wofewa ndi dzira pa 18:00 ndi kapu ya phala pa 20:00, ndipo chakudya cholemera chisamukire masana. Kusintha kwa insulini kumadalira mtundu wake ndi manambala a munthuyo, choncho sichinthu chotengera kwa mnzanu wa pabenchi la kukiliniki.

Musanaimbe chifu mlandu, fufuzani zoyambitsa m'ndondomeko iyi:

1. Munabaya koma munachedwa kudya, kapena munadya zochepa kusiyana ndi masiku onse. Ichi ndicho chofala kwambiri.
2. Ntchito yolemetsa kapena mowa, monga tsiku lolima m'munda kuyambira m'mamawa.
3. Malo obayira auma n'kupanga zotupa, kotero kuti insulini imalowa mosadalirika. Papasani pamimba ndi pantchafu, ndipo muzisintha malo.
4. Chifu chochedwa, ngati kutsika mukangodya ndi kukwera kwapambuyo kukubwerezedwa ndipo pali kukhuta msanga.
5. Impso zofooka, zimene zimasunga insulini ndi gilibenkilamaidi m'thupi nthawi yaitali.

Mmene mungayezere. Timapepala toyezera ndi todula, choncho tigwiritseni ntchito mwanzeru. M'malo moyeza m'mawa mokha kwa sabata yonse, sankhani chakudya chimodzi n'kuyeza musanadye, kenako patapita ola limodzi, maola awiri, anayi ndi asanu ndi limodzi. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu, mulembe zimene munadya, ndipo mupite nako kabukuko kukiliniki.

Shuga akatsika pansi pa 3.9, imwani zamadzi: masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'theka la kapu ya madzi. Yezaninso pakatha mphindi 15, ndipo ngati akadali pansi bwerezani. Buledi, mabisiketi, chokoleti ndi nsima n'zochedwa kwambiri kwa chifu chotere. Munthu akakomoka musam'thire kanthu mkamwa. M'gonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala kuti akalandire shuga wa mumtsempha.

## Chizindikiro chachinayi: vuto layamba kapena lakula mutayamba mankhwala ena

M'maganizo anga, palibe wodwala amene ayenera kupatsidwa mankhwala ofulumizitsa chifu kathumba kake ka mankhwala kasanakhuthulidwe patebulo. Bweretsani zonse, kuphatikizapo zogula pasitolo, za chifuwa ndi zazitsamba. Ochedwetsa chifu odziwika bwino ndi awa:

- Opha ululu amphamvu: tiramadolo, kodini ndi mofini. Kodini amabisalanso m'mapilitsi ena a ululu osakaniza ndi m'mankhwala ena a chifuwa.
- Amitiriputilini, amene amaperekedwa kawirikawiri pa kutentha kwa mapazi. Apa pali msampha, chifukwa wodwala amene mitsempha ya mapazi yawonongeka ndi yemweyo amene chifu chake chili pangozi. Musamusiye mwadzidzidzi, dokotala angachepetse pang'onopang'ono kapena kusankha mankhwala ena.
- Hayosini, amene ambiri amamudziwa kuti basikopani. Anthu amamugula mimba ikamapota, koma ntchito yake ndi kufooketsa kufinya kwa chifu ndi matumbo.
- Mankhwala a chimfine ndi ziwengo oodzeretsa, monga piritoni ndi pulometazini.
- Majakisoni atsopano a shuga ndi ochepetsa thupi, monga semagulutaidi ndi liragulutaidi. Kuchedwetsa chifu ndi mbali ya kagwiridwe kawo ka ntchito, choncho kawirikawiri saperekedwa kwa munthu wa gasitiroparesisi yaikulu.
- Mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminiyamu, ndiponso chamba, chimene chimachedwetsa chifu ndipo mwa osuta tsiku ndi tsiku chimatha kuyambitsa kusanza kobwerezabwereza.

Chofufuza n'chapafupi: lembani tsiku limene munayamba mankhwala alionse ndi tsiku limene mimba inayamba kuvuta. Masikuwo akayandikana, m'sonyezeni dokotala. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a maganizo ndi otalikitsa moyo musawasiye pa inu nokha.

## Chizindikiro chachisanu: mankhwala othandiza chifu sakugwira, kapena abweretsa zachilendo

Mankhwala ofulumizitsa chifu alipo atatu odziwika, ndipo onse ali ndi malire. Amathandizira kadyedwe ndi kutsitsa shuga, salowa m'malo mwake.

Metokulopuramaidi ndiye wopezeka kwambiri. Mlingo wa munthu wamkulu ndi 5 mpaka 10 mg, mphindi 15 mpaka 30 asanadye, ndipo kawirikawiri sapitirira katatu pa tsiku. Okalamba ndi a impso zofooka amapatsidwa wocheperapo. Ngozi yake ili mu ubongo. M'masiku oyambirira, makamaka mwa achinyamata, khosi likhoza kupindika, nsagwada kuuma kapena maso kutembenukira m'mwamba, ndipo zimenezi zimafuna chithandizo cha msanga ngakhale kuti zimatha. Akamwedwa kwa miyezi, milomo, lilime ndi nkhope zimatha kuyamba kugwedezeka zokha, ndipo zimenezo nthawi zina sizithanso. Chifukwa cha ichi oyang'anira mankhwala ku Amereka anaika chenjezo lalikulu mu 2009 kuti asapitirire milungu 12, ndipo a ku Ulaya mu 2013 anachepetsa nthawiyo kufika masiku asanu. Sayenera kwa munthu wa khunyu, wa matenda onjenjemera a Parkinson, kapena womwa halopelido ndi kulopulomazini. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi wodwala amene anapatsidwa mapilitsiwa kamodzi, anapeza bwino, ndipo wakhala akudzigulira yekha kwa chaka.

Domupelidoni salowa kwambiri mu ubongo, koma amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mlingo wake usapitirire 10 mg katatu pa tsiku, ndipo pamafunika kusamala kwambiri mwa anthu a zaka zoposa 60, a matenda a mtima kapena a chiwindi. Ndi bwino kujambula kagundidwe ka mtima asanayambe. Saphatikizidwa ndi elitulomaisini, kilalitulomaisini, fulukonazo kapena ketokonazo, ngakhalenso mankhwala otalikitsa moyo okhala ndi ritonavi, choncho womwa mankhwala a kachilombo aonetse khadi lake.

Elitulomaisini ndi mankhwala opha tizilombo amene, pa mlingo waung'ono, amafinyitsa chifu mwamphamvu. Mphamvu imeneyi imazilala pakatha milungu yochepa, kotero amagwiritsidwa ntchito pa nthawi yovuta yokha.

Ondansetironi amachepetsa mseru koma safulumizitsa chifu, amatha kudzimbitsa, ndipo nayenso amakhudza kagundidwe ka mtima.

Ngati mankhwalawa sakugwira, fufuzani motere:

1. Nthawi yomwera. Piritsi lomwedwa mutadya limakakhala pamwamba pa chakudya. Imwani musanadye, ndipo ngati alipo amadzi funsani amenewo.
2. Kadyedwe sikanasinthe, kapena shuga akadali pamwamba tsiku lonse.
3. Mukumwabe ochedwetsa chifu. Metokulopuramaidi ndi basikopani m'kathumba kamodzi amafafanizana.
4. Mphamvu yazilala, monga zimachitikira ndi elitulomaisini.
5. Matendawo si amenewo, ndipo kuunika ndi kamera kukufunika.

Siyani mankhwalawa n'kupita kuchipatala ngati mwakomoka, mtima ukugunda mosalongosoka, nkhope kapena lilime zikugwedezeka zokha, simukutha kukhala pamalo amodzi, kapena mwagwidwa ndi chisoni chachikulu chimene munalibe.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: kuonda

Kawirikawiri munthu amaonda chifukwa shuga ali pamwamba ndipo chakudya chikutayika mumkodzo, kapena chifukwa wachepetsa kudya poopa kusanza. Koma kuonda kusamangoikidwa pa chifu: chifuwa chachikulu chimagwira odwala shuga mosavuta, ndipo kachilombo ka HIV, chithokomiro ndi khansa ziyenera kufufuzidwa. Kwerani sikelo yomweyo milungu iwiri iliyonse. Kutaya makilogalamu atatu mwa 60 m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, musakufuna, n'kokwanira kuti mukaonane ndi dokotala ndi katswiri wa zakudya. Podikira, limbitsani zamadzimadzi ndi mkaka, chambiko, dzira lophikira m'phala, ufa wa soya kapena kapenta wosinja, osati ndi shuga.

Ngati mukupita ku opaleshoni kapena kukaunikidwa mogonetsedwa tulo, uzani dokotala wogonetsa kuti chifu chanu chimachedwa, ndipo mutchule ngati mumabaya semagulutaidi kapena liragulutaidi. Maola amene ena amasala kudya akhoza kukhala osakwanira kwa inu, ndipo chakudya chotsala m'chifu chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo muli m'tulo.